Kabuku kanga ka ku jimu, ndi chifukwa chake tiyi uja sindikutumizira

Mnzanga,

Uthenga wako wafika. Ukuti ndikupatsire kondakitala wa shapa ya ku Ulongwe tiyi wochepetsa thupi uja pamodzi ndi kapepala ka zakudya kamene ndinkatsatira, poti unandiona pa ukwati mu Novembala diresi itandikhala bwino. Tiyi ndinataya, kapepala ndinayatsira mbaula. Usakwiye. M'malo mwake ndakukoperako za m'kabuku kamene ndimalembamo ku jimu kuyambira Okutobala, ndipo apo ndi apo ndawonjezera zimene ndadziwa pambuyo pake. Munthu amene unamuona pa ukwati uja anali wodwala, kungoti anali atadzola bwino.

Okutobala, sabata yoyamba

Sikelo: makilo 82. Msinkhu wanga ndi masentimita 163. M'chiuno, poyeza pa mchombo ndi tepi ya telala, masentimita 96. Pa sikwati, kuja konjuta chitsulo chili paphewa, ndikunyamula makilo 40 kasanu ndi katatu osapumira.

Kapepala kankati: m'mawa madzi ofunda a ndimu ndi tiyi uja, masana kabichi wowiritsa ndi dzira limodzi, madzulo nkhaka, phwetekere ndi chipatso chimodzi. Nsima ayi, mpunga ayi, pau ayi, mafuta ayi. Kunena zoona, masiku atatu oyamba ndinkadzimva ngati mfumukazi. Lolemba lotsatira sikelo inati 78.5. Makilo atatu ndi theka m'masiku 7! Ndinalemba nambala imeneyi m'kabuku n'kuizunguliza kawiri.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pamene ambirife timapusitsidwa. Makalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, ndipo kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mkazi wa thupi langa, woyendayenda m'shopu tsiku lonse ndi kupita ku jimu katatu pa sabata, amawononga makalori oyandikira 2,200 patsiku. Za pakapepala zija zikachuluka zinkakwana 700. Ndiye kuti tsiku lililonse pankaperewera 1,500, pa sabata 10,500. Gawa ndi 7,700, upeza kilo imodzi ndi magalamu 400. Ngakhale zonsezo zikanachokera ku mafuta okhaokha, sizikanapitirira pamenepo. Nanga makilo awiri enawo anali chiyani?

Anali madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilo, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imagwira magalamu atatu a madzi. Ukasiya nsima, thupi limayamba ladya nkhokwe imeneyi, madzi aja n'kutuluka ndi mkodzo. Onjezerapo m'matumbo mopanda kanthu. Tiyi ujanso ntchito yake inali imodzi, kutsegula m'mimba. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi tsamba lotchedwa sena, mankhwala a munthu wodzimbidwa. Chakudya chimalowa m'magazi chikadali m'matumbo aang'ono, pamene sena amagwira ntchito m'matumbo aakulu, chakudya chitalowa kale. Choncho amangokuchotsa madzi ndi mchere, mafuta osawakhudza n'komwe.

Okutobala, sabata yachiwiri ndi yachitatu

77.1, kenako 76.2. Sikwati yatsika kufika pa makilo 32.5, ndipo kachisanu miyendo ikunjenjemera. Ndinalemba kuti "ndi kutentha". Iwe wa ku Angonia sudziwa Okutobala wa muno mu Tete, pamene masana amadutsa madigiri 40 ndipo chitseko cha shopu sungachigwire ndi dzanja. Ndiye chilichonse ndinkanamizira dzuwa: mutu wopweteka, ukali, kukokana kwa katumba usiku. Ndinakalipira kasitomala chifukwa cha chenji cha mametikali asanu, ine amene umandidziwa.

Chimene sindinalembe m'kabuku, koma ndikuchikumbukira bwino, ndi maganizo. Ndinkaganiza za chakudya kuyambira m'mawa mpaka kugona. Ndikamawoloka mlatho wa Samora Machel pobwerera kunyumba, fungo la mbuzi yowotcha linkandipeza ndisanafike n'komwe tsidya. Usiku ndinkaonera pa foni anthu akuphika, ola lathunthu, malovu ali chuchuchu. Ndinkadziona ngati munthu wopanda mtima wolimba. Pambuyo pake kochi wathu anandifotokozera za kafukufuku amene Ancel Keys anachita ku yunivesite ya Minnesota mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi lawo anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Anataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, koma chodabwitsa chinali m'mutu: anayamba kutolera mabuku ophikira, kulota chakudya, kukwiya ndi zazing'ono, kumva kuzizira. Atawamasula, ambiri ankadya osakhuta kwa miyezi. Anali amuna osankhidwa chifukwa cholimba thupi ndi maganizo omwe. Nditamva zimenezi ndinasiya kudzitukwana. Njala imachita zomwezo kwa aliyense.

Novembala, sabata yachinayi ndi yachisanu

75.6, kenako 75.3. Ukuona mmene kutsika kukucheperachepera pamene ndikudya zomwe zija? Thupi likaona kuti chakudya chasowa limayamba kusunga mphamvu. Umapezeka kuti wakhala pansi pamene unkaima, wakwera chopela pamene unkayenda, ndipo iwe mwini suzindikira. Chinanso, munthu wosadya zomanga thupi zokwanira amataya minofu pamodzi ndi mafuta. Umboni wake unali pa chitsulo: makilo 27.5, kuchoka pa 40, m'masabata asanu. Tepi inati 93. Makilo pafupifupi asanu ndi awiri apita, koma m'chiuno mwachoka masentimita atatu okha. Matako ndi ntchafu ndi zimene zinaphwa, mimba ili pompo.

Lachinayi la sabata yachisanu ndinagwa. Ndinamaliza sikwati, n'kubweza chitsulo, ndipo nditatembenuka kunachita mdima m'maso, makutu ali ng'wii. Ndinadzidzimuka ndili gone pansi, miyendo ataikweza pa benchi, anyamata akundikupiza ndi katoni. Ku chipatala namwino anayeza kuthamanga kwa magazi ndili chogona, kenako nditaimirira, ndipo anapeza kuti kukutsika kwambiri ndikadzuka. Anayezanso malungo, osapezeka. Atandifunsa zimene ndadya tsikulo ndinachita manyazi kutchula. Anandipatsa mapaketi a madzi a mchere ndi shuga aja timapatsa ana otsegula m'mimba, nandiuza kuti tiyi ndimusiye tsiku lomwelo. Ananenanso chinthu chimene sindinkadziwa, kuti kuonda mothamanga kumatha kuyambitsa timiyala mu ndulu, ndipo akazi ndi amene timagwidwa kwambiri.

Ndinamvera theka. Tiyi ndinasiya, njala ndinapitiriza, poti ukwati unali Loweruka la sabata yotsatira.

Novembala mpaka Januwale

Masamba awa a kabuku ali mbee. Za pa ukwati unaziona wekha, kapena mwina sunaone kuti ndinabwereza mbale katatu, n'kunyamulanso mbatatesi yokazinga m'jumbo. Nditabwerera ku Tete patapita masiku atatu sikelo inati 77.8. Makilo awiri ndi theka m'masiku atatu, ndinalira. Lero ndikudziwa kuti ambiri anali madzi omwe aja akubwerera pamodzi ndi shuga wa m'minofu. Koma tsikulo ndinati basi zonse zawonongeka, ndiye bola ndingodya. Nyengo ya mango, Khirisimasi, chaka chatsopano. Ku jimu ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi a kugwa kuja.

Kumapeto kwa Januwale: makilo 83, m'chiuno 98. Kuposa pamene ndinayambira, ndipo mphamvu zochepa. Mwezi womwewo tsitsi linayamba kuthothoka, lodzaza chipeso, mpaka wondiluka anafunsa ngati ndadwala. Zimatero patapita miyezi iwiri kapena itatu thupi litadutsa m'mavuto, n'chifukwa chake ambiri salumikiza tsitsi ndi njala imene anaisiya kale. Msambo wa Novembala unachedwanso masabata awiri. Tsitsi linamera, usade nkhawa, koma linatenga nthawi.

Febuluwale, kuyambanso

Amene anandibweza ku jimu ndi mayi wina wachikulire amene amanyamula zitsulo m'mawa, namwino wopuma ntchito. Anandipeza pa msika ndikugula phwetekere, nati, "Mwanawe, benchi ija yakusowa." Iwo ndi kochi anandiuza chinthu chimodzi: sabata yoyamba usasinthe kalikonse, ungolemba zonse zolowa m'kamwa. Ndinabwereka kasikelo kakang'ono ka pa kauntala ya shopu.

Zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi kuposa kugwa kuja. Ndiyambe ndi mafuta ophikira. Kunyumba tilipo atatu, ine, bambo a kunyumba ndi mng'ono wanga, ndipo chigubu cha malita 5 chinkatha pa mwezi. Malita 5 a mafuta ali ndi makalori opitirira 41,000. Gawa ndi masiku 30, ugawenso ndi anthu atatu: makalori 460 patsiku pa munthu mmodzi, mafuta okha, osaoneka n'komwe m'mbale. Ndinkathira mongopendeka chigubu, mpaka repu akusambira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 120, kuposa dzira lathunthu.

Chachiwiri, zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mabotolo awiri patsiku m'shopu, limodzi cha m'ma 10 koloko, lina masana. Lililonse lili ndi shuga wokwana magalamu 35, ndiye awiri ndi 70, pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati shuga wowonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, kapena kuti masupuni a tiyi 12. Apo sindinawerengere masupuni atatu a mu tiyi wa m'mawa. Mabotolo awiriwo ndi makalori 280.

Chachitatu ndiye nsima, imene ndinkaiyesa mdani wamkulu. Kuyeza nsima yophikaphika n'kovuta chifukwa wina amaphika yolimba, wina yofewa, ndiye ndinayeza ufa usanalowe mumphika. Theka la kilo ya ufa linatulutsa mitanda 6 ndi chipande chathu. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360, choncho mtanda umodzi wa kwathu ndi 300. Masana ndinkadya iwiri, madzulo iwiri, nthawi zina ndi theka la wachitatu wopukutira msuzi. Uyeze chipande chako wekha, poti cha amayi ako chija chimaomola mtanda ngati mutu wa mwana.

Koma chimene mayi aja analoza ndi chala si zimenezi. Anafunsa kuti, "Ndiwo zili kuti?" M'mawa pau ndi tiyi, masana nsima ndi msuzi wambiri ndi kachidutswa ka nyama, madzulo chimodzimodzi. Zomanga thupi zinkakwana mwina magalamu 45 patsiku. Kwa munthu wonyamula zitsulo amene akufuna kutaya mafuta osataya minofu, amawerengera galamu imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono pa kilo iliyonse. Kochi anawerengera pa makilo 70 amene ndikulowera, n'kupeza magalamu pafupifupi 110. Masiku ambiri ndimafika pa 90 kapena 100, ndipo sindidzivuta nazo.

Tinagwirizana zinthu zochepa. Mafuta atsike kufika malita 2 pa mwezi, othira ndi supuni. Mabotolo aja achoke, kupatula Lamlungu. Mtanda umodzi ndi theka uchoke pa tsiku, ndiwo ziwonjezeke. Zonse pamodzi ndimadya makalori oyandikira 1,800, kutanthauza kuti pakuperewera 400 okha patsiku, ndipo pa sabata ndiyembekezere kutsika magalamu 300 mpaka 500. Nditamva nambala imeneyi ndinaseka. Theka la kilo, ine amene ndinatayapo atatu ndi theka pa sabata imodzi? Mayi aja anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kupitiriza kupinda thaulo lawo.

Zimene ndikudya tsopano

M'mawa mazira awiri owiritsa, mbatata imodzi yapakatikati, ndi tiyi wa mkaka kapu yodzaza, shuga supuni imodzi. Masiku ena phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'malo mwa mbatata. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a zomanga thupi, kapu ya mkaka 8, ndiye ndisanatuluke pakhomo ndili kale ndi 20. Kusintha kumeneku kokha kunathetsa njala ya 10 koloko imene inkandithamangitsira ku mandasi.

Masana ndimatenga chakudya m'kontena kuchokera kunyumba. Mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, kapenta wa ku Cahora Bassa dzanja limodzi lodzaza, ndi masamba odzaza theka la mbale. Kapenta ndi amene wandipulumutsa, mnzanga. Wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, choncho magalamu 40 amandipatsa opitirira 20, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, mafupa athu amapindulanso. Ndimamuviika m'madzi ofunda mphindi khumi kuti mchenga ndi mchere zichoke, n'kumuphika ndi phwetekere, anyezi ndi supuni imodzi ya mafuta ya mphika wonse. Poyamba bambo a kunyumba ankati ndi ndiwo za kuchipatala. Ndinaphunzira kuyamba ndamukazinga pa chiwaya chouma mpaka anunkhire, ndiye dandaulo linatha. Masamba ndi alionse amene apezeka: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, therere. Ndikatendera sindithiranso mafuta, poti nsinjiro ndi mafuta kale.

Za mgaiwa ndinene poyera, kuti usanamizidwe: makalori ake ndi ofanana ndi a ufa woyera. Ubwino wake ndi gaga, amene amachedwetsa njala ndi kuthandiza m'mimba. Mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi.

Ku jimu ndimapita cha m'ma 5 koloko madzulo, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ola limodzi ndisanapite ndimadya nthochi ndi kadzanja ka mtedza wokazinga. Madzi ndimamwa malita atatu kapena kuposa m'masiku otentha, ndipo ndimayang'ana mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti ndatsalira.

Madzulo mtanda umodzi, kapena mbatatesi zowiritsa ziwiri, masamba, ndi ndiwo yeniyeni. Nkhuku kapena mbuzi yokula ngati chikhatho changa popanda zala imapereka magalamu 25 mpaka 30. Nyemba kapu imodzi yophika imapereka 15, ndiye tsiku la nyemba ndimawonjezera dzira. Soya pisi ndi wotsika mtengo ndipo amathandiza kumapeto kwa mwezi, bola kapaketi ka zokometsera kaja uthire theka lokha chifukwa ndi mchere wokhawokha. Mbuzi yowotcha ya muno sindinaisiye, ndingakhale bwanji mu Tete? Ndimadya Loweruka, ndimasankha mnofu, chipisi ndimagawana ndi mng'ono wanga.

Mayi aja anandiletsanso kumwa tiyi pamodzi ndi nyemba kapena masamba, chifukwa tiyi amatchinga ayironi wa m'zomera kulowa m'magazi, pamene ndimu, phwetekere ndi malambe zimathandiza. Tsopano malambe ndimasungunula m'madzi ozizira ndi shuga pang'ono, ndi amene analowa m'malo mwa botolo la masana.

Febuluwale mpaka Malichi, masabata 1 mpaka 8

Njira yoyezera inasinthanso. Ndimakwera sikelo m'mawa uliwonse nditachoka kuchimbudzi, ndisanadye, koma nambala ya tsiku limodzi sindiiwerengera. Lamlungu ndimaphatikiza zonse 7 n'kugawa ndi 7. Tepi kamodzi pa masabata awiri.

Sabata 1: 83.0. Sabata 2: 82.7. Sabata 4: 81.8. Sabata 6: 81.0. Sabata 8: 80.1, m'chiuno 93, sikwati yabwerera pa 40.

Taona bwino pamenepa. Mu Novembala ndinafika pa 93 m'chiuno ndili ndi makilo 75.3, ndikugwa ndi chizungulire. Mu Malichi ndafika pa 93 yemweyo ndili ndi makilo 80, ndikudya nsima kawiri patsiku. Kusiyana kwa makilo asanu amenewo ndi madzi ndi minofu imene ndinkasangalala kuti ndataya.

Mu sabata 5 ndinatsala pang'ono kubwerera ku kabichi. Tinadya nsomba ya chikowa Lachiwiri usiku, ija yamchere, ndipo ndinali nditaiviika kanthawi kochepa. Lachitatu m'mawa sikelo inakwera ndi kilo yathunthu, mphete yolimba pa chala. Pofika Lachisanu inali itabwerera. Mchere umagwira madzi, ndipo mlingo wa tsiku lonse ndi wosapitirira magalamu 5, supuni ya tiyi imodzi, umene chikowa chosaviika bwino chimaudutsa chokha. Tsopano ndimachiviika maola angapo, kusintha madzi kawiri, osathiranso mchere mumphika. Masiku oyandikira msambo sikelo imakweranso ndi kilo imodzi, nthawi zina ndi theka lomwe. Ndimalemba kachilembo pambali kuti ndisadzidzimuke, ndipo ndimayerekeza sabata imeneyo ndi inzake ya mwezi wapita.

Epulo, masabata 9 mpaka 11

80.0, 80.1, 79.9. Kuima. Masabata atatu ndi okwanira kunena kuti si madzi. Maganizo oyamba anali ochotsa nsima ya madzulo. Kochi anakana, nati ndibwerekenso kasikelo kaja masiku atatu.

Wakuba anali mtedza. Mtedza watsopano unali utayamba kufika, mnzanga wa m'shopu ankabwera nawo m'mbale n'kuuika pa kauntala, ndipo kadzanja kanga kaja kanasanduka kutola tsiku lonse. Nditayeza ndinapeza magalamu 100, mwina kuposa. Magalamu 100 a mtedza wokazinga ndi makalori pafupifupi 570, pamene ndinkawerengera 170 a magalamu 30. Kusiyana kwake ndi 400, ndendende amene ndinkayenera kuperewera. Chakudya chabwino ndithu, koma chinadya phindu lonse mwakachetechete. Tsopano ndimathira wanga m'kabotolo kakang'ono m'mawa, akatha watha, ndipo mbale ija tinaisamutsira kuseri kwa shelefu.

Ndinaonanso kuti supuni ya mafuta inali itayamba kusefukira, poti masiku ena amaphika ndi mng'ono wanga. Tinalemba mzere pa botolo ndi cholembera, theka la lita pa sabata.

Meyi, masabata 12 mpaka 16

79.4, 79.0, 78.5, 78.3, 77.8. M'chiuno 88. Sikwati makilo 50 kasanu ndi kamodzi, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Diresi ya ukwati ija ndinaiyesa Lamlungu lapitali, zipi yakwera popanda kugwira mpweya, ndili wolemera ndi makilo awiri ndi theka kuposa tsiku lija. Tulo ndikugona, msambo ukubwera pa nthawi yake, ndipo pamphumi pamera timatsitsi tatifupi timene sitigonja ndi chipeso.

Sikuti zonse zili bwino. Masiku a nyemba ndimatupidwabe ngakhale ndimaziviika usiku wonse. Mazira awiri tsiku lililonse amadya ndalama, ngakhale za mabotolo ndi mafuta zija zimabweza zambiri. Kumaliro ndi kumaukwati ndimadya zimene andipatsa, sindingakakane nsima pa siwa ngati wamisala, ndipo sabata imeneyo sikelo imaima. Ndimangopitiriza Lolemba, osadzilanga ndi njala.

Chimene ndikulondola tsopano ndi tepi. Amati m'chiuno musapitirire theka la msinkhu wako. Kwa ine theka la 163 ndi 81.5, ndiye patsala masentimita 6 ndi theka. Pa liwiro limeneli ndi nkhani ya miyezi itatu kapena kuposerapo. Ndikafika sabata 20 kochi akuti ndipume masabata awiri, ndibweze theka la mtanda uja, kenako ndipitirize.

Tsono za iwe. Mwana wako ali ndi miyezi isanu ndipo akuyamwa, ndiye nambala zangazi usazikopere. Woyamwitsa amafunika chakudya chowonjezera, makalori pafupifupi 500 patsiku, ndipo mankhwala otsegula m'mimba samwedwa mwachisawawa. Ukapita ku sikelo ya mwana ufunse anamwino zimenezi, uwauzenso za kuthamanga kwa magazi kumene unali nako uli woyembekezera. Chimene ungachite lero popanda choopsa n'chimene ndinayamba nacho ine: tenga kope, lemba zonse zolowa m'kamwa kwa masiku 7 osasintha kanthu, uone tsiku limene watsegula chigubu cha mafuta ndi limene chatha, uwerenge mitanda yotuluka mu theka la kilo ya ufa. Ukatero unditumizire, tiwerengere limodzi.

Kondakitala uja akubwera Lachisanu. Ndimupatsa kapenta makilo awiri, malambe, ndi masawu ngati ayamba kupezeka pa msika, komanso tepi ya telala poti ndagula ziwiri. Pobwerera umupatsire nyemba zofiira zija ndowa yaing'ono ndi mbatatesi, za muno zakwera mtengo. Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti chipande chawo ndachitchula.

Ndine mnzako wa ku Matundo.